Sikilipiti ya vidiyo ya nkhwani wotendera

"Anzanga, ndikufuna kuyamba kujambula mavidiyo ophika pafoni, ndipo ndiyamba ndi nkhwani wotendera. Sikilipiti yake ndilembe bwanji kuti nthawi ya chilichonse idziwike komanso zofunika zizioneka zolembedwa? Nanga kamera ndiziyandikitsa pati? Ndimaphikira pambaula, ndili ku Chilomoni."

Achemwali, musayambe ndi cholembera. Yambani mwaphika nkhwaniwo kamodzi osajambula, foni ili pambali ikuwerenga nthawi, inu mukulemba pakapepala kuti madzi awira patatha mphindi zingati, masamba afewa liti, nsinjiro yapsa liti. Ine vidiyo yanga yoyamba ndinalemba nthawi zongoganizira, ndiye wina anandilembera kuti watsatira zonse koma nsinjiro ikumveka yaiwisi. Cholakwa chinali changa.

Mukatero muona kuti pali nthawi ziwiri, ndipo sikilipiti iyenera kusunga zonse. Pali nthawi ya pamoto, yomwe pa nkhwani imakwana mphindi 15 kapena kupitirirapo pang'ono madzi akawira, ndiye pali nthawi ya pavidiyo, yomwe ine ndimaisiya pa mphindi imodzi ndi masekondi 15 poganizira bandulo ya anthu. Woonera akaona masamba alowa m'poto ndipo patatha masekondi 10 mwathira nsinjiro, iye amachitanso chimodzimodzi kukhitchini kwake ngati simunamuuze kuti pakatipo padutsa mphindi 5. Choncho paliponse pomwe mwadula vidiyo, nthawi ya pamoto ilembedwe pasikirini.

Pepala lanu lililonse likhale ndi zinthu zitatu pa mzere umodzi: zomwe kamera ikuona, zolembedwa pasikirini, ndi zomwe inu mukunena. Yanga ya nkhwani imayenda chonchi:

0:00–0:04. Ndiwo zakupsa m'mbale, mbamu ya nsima ikusunsa. Zolemba: Nkhwani wotendera, anthu 4.
0:04–0:10. Zofunika zonse pathebulo, kamera ili pamwamba. Zolemba: nkhwani mipukutu 2, matimati 2, nsinjiro theka la kapu, madzi kapu 1, mchere, soda.
0:10–0:22. Pafupi: kusadzula.
0:22–0:30. Kutsuka ndi kudula.
0:30–0:40. Madzi akuwira, mchere, soda, kenako masamba. Zolemba: Pamoto mphindi 5.
0:40–0:52. Matimati ndi nsinjiro pamwamba, kuvindikira. Zolemba: Osatakasa. Mphindi 5.
0:52–1:08. Pafupi: kutakasa mpaka msuzi ugwirane. Zolemba: Moto wochepa, mphindi 5 mpaka 7.
1:08–1:15. Kupakula.

Taonani kumene masekondi ambiri apita. Kudula masamba aliyense amatha, ndiye sikufunika kukhalitsapo. Kuyandikitsa kamera muzikusungira malo amene diso kapena chala ndicho chimaweruza, pomwe mawu okha sangaphunzitse munthu.

Pa nkhwani malo otere ndi atatu. Oyamba ndi posadzula. Kamera ikhale ngati chikhatho chimodzi ndi theka kuchokera pa manja anu, ione chala chikuthyola kansonga ka phesi ndi kukoka ulusi uja mpaka kukafika pa tsamba. Chitani tsamba limodzi pang'onopang'ono, kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto osadula vidiyo, kenako muonetse losadzula ndi losasadzula moyandikana. Ana ambiri okulira m'tauni muno nkhwani amaudziwa uli kale m'mbale, ndiye masekondi 12 amenewa ndi omwe adzabwereze kangapo.

Achiwiri ndi a soda, ndipo ndi ka sekondi 2 chabe. Mukalemba kuti "soda pang'ono" simunanene kanthu, chifukwa pang'ono wa wina ndi supuni yodzaza, ndipo ndiwo zimatuluka zoterera, zomveka sopo. Onetsani kuchuluka kwake pakati pa zala ziwiri, kapena pansonga ya kasupuni ka tiyi, kamera ili pafupi. Za mipukutu n'chimodzimodzi: mpukutu wa mumsika wa Limbe ndi wa mayi wa pabenchi ku Chilomoni sufanana, ndiye muugwire m'manja anthu aone kukula kwake. Kapunso ioneke kuti ndi iti.

Achitatu ndi omwe amandivuta mpaka lero, potakasa. Chomwe mukufuna woonera aone ndi kusintha kwa nsinjiro: poyamba imaoneka yoyera, ngati ufa wonyowa, kenako imagwirana ndi msuzi, thovu lake limaphulika mwaulesi, ndipo mukakoka mthiko pansi pa poto pamatsala kanjira kotsekeka pang'onopang'ono. Kanjira kameneko ndi komwe kayenera kujambulidwa, pakuti mbaula sizifanana. Makala anu akhoza kupsereza ndiwo pa mphindi 5 pomwe a mnzanu ali chizirire, ndiye mawu anu apa akhale akuti, "Musadalire wotchi yokha, mukaona chonchi ndiye kuti zapsa."

Vuto lake ndi nthunzi. Mukaika foni pamwamba penipeni pa poto n'kuvundukula, galasi la kamera limachita chifunga ndipo chithunzi chonse chimayera. Vundukulani, dikirani masekondi 5 nthunzi yoyamba ichoke, ndipo foni ikhale chapambali ikuyang'ana m'poto mopendekera. Isayandikirenso kwambiri mbaula, ikatentha imasiya yokha kujambula. Musanayambe, dinani pasikirini pomwe pali ndiwo n'kugwirabe chala mpaka kamera ikhazikike pamenepo (pa iPhone pamalembedwa AE/AF LOCK), apo ayi mthiko ukamadutsa chithunzi chizingosokonekera. Jambulani masana pakhonde, pamthunzi wowala. Zimathandizanso kuti magetsi akazima ntchito isaime, komanso mbaula ndi ya panja kale.

Zolemba za pasikirini muziika pomaliza, mu CapCut kapena pulogalamu ina iliyonse yomwe muli nayo. Mndandanda wonse uoneke kamodzi koyambirira kwa masekondi 6, kuti wofuna aimitse vidiyo alembe kapena ajambule sikirini. Kenako chinthu chilichonse chizibweranso chokha panthawi yomwe chikulowa m'poto, "Nsinjiro, theka la kapu", kwa masekondi osachepera 3. Zilembo zoyera pa nsinjiro kapena pa nsima sizioneka, ndiye ikani kabokosi kakuda kumbuyo kwake. Ngati vidiyo ndi yoimirira ya 9:16, zolembazo zikhale chapakati kukwera m'mwamba, chifukwa pa TikTok m'munsi ndi kudzanja lamanja mumakhala mabatani ndi dzina lanu, ndipo amaphimba. Ndipo zisaphimbe manja anu pamene mukusadzula; pamenepo ndi bwino pasakhale cholembedwa chilichonse.

Mawu musalankhule mukuphika. Kwathu kuno minibasi ikuimba hutala, tambala wa aneba akulira, mwana akuitana, ndiye ndi bwino kujambula mawu padera usiku m'chipinda, chitseko chotseka. Werengani mzere uliwonse mokweza, foni ikuwerenga nthawi. Mawu a Chichewa ndi aatali, moti ine pa masekondi 10 ndimakwanitsa mawu 18 kapena 20 osathamanga. Mzere ukapitirira, dulani mawu, osati kufulumizitsa lilime. Zomwe zalembedwa kale pasikirini musazibwereze pakamwa. Pakamwa nenani chifukwa chake, mwachitsanzo kuti nsinjiro tikuisiya pamwamba osatakasa kuti ipse ndi nthunzi, isakhale pansi n'kupserera. Koma phokoso la poto akuwira ndi mpeni ukudula lisiyeni limveke chapansipansi.

Tsiku lojambulalo mugule nkhwani mipukutu 3 m'malo mwa 2, ndi nsinjiro yapadera. Tsamba lothyola silibwerera, ndipo posadzula paja mudzabwereza katatu kapena kanayi chala chisanaoneke bwino.