Chikumbutso cha ngongole chikupezeni muli pafupi ndi buku

Funso: Ndinatchera alamu ya 6 koloko madzulo kuti ndizilemba amene atenga katundu pa ngongole. Koma imalira ndili ndi makasitomala, ndimangoizimitsa, basi n'kuiwala. Ndipange bwanji?

Yankho: Mayi, ntchito imeneyi imayendera malo. Ngati buku lolembamo ngongole lili kunyumba, ndiye foni izikukumbutsani mukafika pakhomo. Alamu ya ola muisiyire zinthu zokhala ndi tsiku lake, monga lendi kapena kubweza ngongole ya kubanki.

Ngati foni yanu ndi iPhone, tsegulani Shortcuts, mupite pa Automation, musankhe Arrive n'kuikapo malo a nyumba yanu. Pomwepo pali Time Range. Ikani kuyambira 5 koloko madzulo mpaka 10 koloko usiku, apo ayi iziliranso masana mukabwera kudzatenga chomwe munaiwala, ndipo chikumbutso cholira pachabe munthu sachedwa kuchizolowera. Musankhe Run Immediately kuti isamayambe yakufunsani, kenako muonjezere Show Notification n'kulembamo uthenga wokukumbutsani. Pa Samsung zili mu Modes and Routines: pansi pa If muike malo ndi maola, pansi pa Then muike uthengawo.

Mawu a uthengawo ndimawasamala kwambiri. Mukangolemba kuti “ngongole”, muziwerenga n'kupitirira. Lembani chochita: “Tsegula buku, lemba dzina, katundu, ndalama ndi tsiku lobweza.”

Pali malire ake. Foni siidziwa chitseko chanu. Imajambula bwalo kuzungulira nyumba, ndipo pa iPhone bwalo laling'ono kwambiri limafika mamita pafupifupi 100 mbali zonse. Uthenga umabwera mukalowa m'bwalomo kuchokera kunja. Choncho ngati mumagulitsira pafupi kwambiri ndi nyumba, kwa foniyo simunachoke, ndipo ingokhala chete tsiku lonse. Zikatero, chikumbutsocho chizidzuka foni ikalumikizana ndi Wi-Fi ya kunyumba ngati ilipo, kapena mubwerere ku alamu koma muiike pa ola limene mumakhala mutatseka kale.

Chikalira mochedwa kapena osalira n'komwe, yambani mwaona ngati Location ndi yoyatsa. Ambiri amaizimitsa posunga batire, osadziwa kuti apha chikumbutso. Pa Android, pulogalamu yofunsa za malo muipatse chilolezo cha Allow all the time, chifukwa chilolezo cha Allow only while using the app chimagwira pokhapokha pulogalamuyo ili yotsegula. Batire yake muiike pa Unrestricted.

Musachidalire musanachiyese. Madzulo ano tulukani, muyende mphindi zisanu, mubwerere muone pamene chikulirira. Chikalira mudakali m'njira, chepetsani bwalolo. Alamu yakale ija musaifufute, muisunthire 9 koloko usiku kuti izikugwirani tsiku limene foni yaphonya, kapena tsiku limene mwagona kwina.