Kankhani ka kampani pa mayeso: yambani mwapeza yemwe ali pansi pa yani

"Zikomo aphunzitsi. Ndine mtsikana wa ku Namwera, ndikuphunzira za kayendetsedwe ka bizinesi. Matanthauzo a mitundu itatu ya kagawidwe ka kampani, fankishonolo, divishonolo ndi metirikisi, ndinawaloweza. Koma pa mayeso oyeserera anatipatsa kankhani ka kampani ya nthambi zitatu, yokhalanso ndi mkulu wa zachuma ku likulu. Ndinalemba metirikisi, anandithetha. Ndizisiyanitsa bwanji?"

Achemwali, tengani pensulo. Mukamawerenga kankhaniko, musayambe ndi kusaka dzina la yankho. Yambani ndi kujambula. Pamwamba pa pepala lembani bwana wamkulu, ndipo pansi pake mundandalike okhawo amene amapereka malipoti kwa iyeyo mwachindunji. Theka la yankho lili pa mzere umodzi umenewu. Ngati pamzerepo pali mayina a ntchito, monga wa zachuma, wa zogula, wa zogulitsa, wa za antchito, kampaniyo yagawidwa potengera luso la anthu, ndiye fankishonolo. Ngati pali mayina a malo, a katundu kapena a magulu a makasitomala, mukupita ku divishonolo. Theka linalo mulipeza potsikira pansi, kwa wantchito mmodzi wamba, ndi kuwerenga mabwana ake.

Ndipeke kankhani kofanana ndi kanu kuti tikhale ndi chogwira. Kampani ina imagula nsomba kwa asodzi ndi kugulitsa m'mizinda. Likulu lake lili pa Boma ku Mangochi. Pansi pa bwana wamkulu pali mamanijala atatu: wa ku Monkey Bay, wa ku Makanjira ndi wa ku nyanja ya Malombe. Manijala aliyense ali ndi akauntanti wake, anyamata ake ogula nsomba pa doko, ndi munthu wake wa zogulitsa. Pakutha pa chaka aliyense amafotokoza phindu la nthambi yake. Ku likulu kuli mkulu wa zachuma amene amakhazikitsa kalembedwe ka mabuku ndi kuphatikiza malipoti a nthambi zonse.

Pamzere wathu uja pali mayina a malo atatu. Onaninso kuti akauntanti alipo atatu, ogula nsomba ali m'magulu atatu, ntchito imodzimodzi ikubwerezedwa mu nthambi iliyonse. Ndipo phindu likuwerengedwa pa nthambi. Zizindikiro ziwirizi, kubwereza ntchito ndi phindu la nthambi payokha, ndi zimene ine ndimazikhulupirira kwambiri pa divishonolo. Manijala wa ku Makanjira ali ngati mwini kakampani kake. Usipa ukaola chifukwa galimoto lachedwa mu msewu wa kutsidya lija, sangaloze chala wina, poti ogula, wolemba mabuku ndi wogulitsa onse ndi anthu ake.

Nanga mkulu wa zachuma uja? Apa ndi pamene ambiri amaterereka. Kampani za divishonolo pafupifupi zonse zimasunga ntchito zina ku likulu. Ngakhale Alfred Sloan, pamene ankakonza kampani ya magalimoto ya ku America ya General Motors m'zaka za m'ma 1920, anapatsa nthambi monga Chevrolet ndi Cadillac ufulu woyendetsa ntchito zawo, koma kuyang'anira chuma kunatsala ku likulu. Choncho kungomva kuti ku likulu kuli mkulu wa zachuma sikukwanira kuti mulembe metirikisi.

Tsikirani kwa akauntanti wa ku Monkey Bay, mumuone ali pa desiki lake ndi mulu wa malisiti onunkha nsomba. Akafuna tchuthi amapempha kwa yani? Amene amamuuza ntchito ya lero ndani? Pakutha pa chaka, amene amalemba za kagwiridwe kake ka ntchito ndani? M'kankhani kathu yankho ndi limodzi pa mafunso onse: manijala wa ku Monkey Bay. Mkulu wa zachuma amangomutumizira fomu ndi malamulo a kalembedwe. Kulandira malangizo kuchokera kwa munthu ndi kwina, kukhala pansi pake ndi kwinanso. Bwana ndi mmodzi, choncho ndi divishonolo yogawidwa potengera madera.

Tsopano ndisinthe chiganizo chimodzi chokha. Tinene kuti akauntanti aliyense amayankha kwa manijala wa nthambi pa ntchito za tsiku ndi tsiku, komanso kwa mkulu wa zachuma pa za luso lake, ndipo mabwana awiriwa amasainira limodzi lipoti la kagwiridwe kake ka ntchito. Apa ndiye yasanduka metirikisi. Munthu mmodzi, mabwana awiri, onse ali ndi mphamvu zenizeni pa iye, ndipo kampani inachita kukonza dala kuti zikhale choncho. Pa chojambula chanu mizere iwiri ikumana pa munthu mmodzi, wina wochokera pamwamba, wina wochokera m'mbali. Henri Fayol, katswiri wa ku France wa kayendetsedwe ka ntchito, mu 1916 anaphunzitsa kuti wantchito azilandira malamulo kwa bwana mmodzi, ndipo metirikisi imaphwanya mfundo imeneyi mwadala. Inafala m'zaka za m'ma 1960 m'makampani a ku America opanga ndege ndi zombo za mumlengalenga, kumene injiniya ankayankha kwa mkulu wa dipatimenti yake komanso kwa mkulu wa pulojekiti.

Olemba mayeso amakonda kubisa metirikisi m'madandaulo. Mukawerenga zoti manijala akufuna akauntanti apite ku doko kukalipira asodzi, pomwe mkulu wa zachuma akufuna atseke mabuku a mwezi tsiku lomwelo, ndipo mnyamatayo wasowa pogwira, dziwani kuti akukuonetsani mabwana awiri. Dandaulo la divishonolo ndi lina: ndalama zikuwonongeka chifukwa nthambi iliyonse yagula firiji yake ndi galimoto lake, kapena nthambi ziwiri zikulimbirana kasitomala mmodzi ku Limbe. La fankishonolo nalo ndi lakelake: a zogulitsa alonjeza chambo kwa kasitomala osawauza a zogula, ndipo nkhani iliyonse imadikira bwana wamkulu.

Pa fankishonolo pali msampha umodzi woti ndiutchule. Kankhani kanganene kuti kampani imagulitsa chambo, usipa ndi utaka ku Mangochi, ku Zomba ndi ku Lilongwe. Maso akaona mitundu itatu ya nsomba ndi malo atatu, dzanja limathamangira kulemba divishonolo. Dekhani. Ngati pansi pa bwana wamkulu pali mkulu wa zogula mmodzi wogulira kampani yonse, wa zogulitsa mmodzi ndi wa zachuma mmodzi, imeneyo ndi fankishonolo, kaya nsomba zikhale za mitundu khumi. Kuchuluka kwa katundu sikugawa kampani. Msamphawu umagwiranso mbali inayo: mkati mwa nthambi ya ku Malombe mupezamo wa zogula ndi wa mabuku, koma dzina la kampani yonse timalitenga pa mzere wa pamwamba uja.

Polemba yankho musangotchula dzina. Lembani dzinalo, muike maumboni awiri ochokera m'kankhani momwemo, kenako munene chifukwa chake yankho loyandikana nalo silikugwira. Pa kampani yathuyi ndikanalemba kuti ndi divishonolo ya madera, chifukwa mamanijala atatu agawana madera, ndipo aliyense ali ndi antchito ake ndi phindu lake. Si metirikisi, chifukwa akauntanti amayankha kwa manijala yekha. Kafufuzeni pepala lanu lija, muone ngati pali chiganizo chonena kuti antchito a m'nthambi amayankhanso kwa mkulu wa zachuma. Ngati chilipo, yankho lanu la metirikisi lili ndi umboni, ndiye pitani nalo kwa aphunzitsi anu mukawaonetse.