Mira, Aqua kapena Sienta: iti ingagwire ya takisi mu Lilongwe?

"Anzanga ndithandizeni nzeru. Ndasonkhanitsa kandalama, ndikufuna galimoto yogwirapo kale yoti ndiziyendetsa ndekha ngati takisi muno mu Lilongwe. Ena akuti Mira chifukwa siimwa mafuta, ena Aqua, ena Sienta. Ndimakhala ku Area 25. Yolimba komanso yosiya phindu pa tsiku ndi iti?"

Achimwene, musanasankhe galimoto sankhani kaye ntchito yake, chifukwa takisi mu Lilongwe muno ili pawiri. Pali ya mahayala, pomwe munthu mmodzi kapena banja akuimbirani foni kapena kukuitanani pa apu n'kulipira ulendo wonse. Palinso yodzaza anthu pa siteji, aliyense n'kulipira mpando wake. Pa hayala, chomwe chimakupwetekani ndi mafuta a pa kilomita. Pa siteji, chomwe chimakudyetsani ndi mipando. Poti mumakhala ku 25, ndikhulupirira muzisakaniza: m'mawa ndi madzulo kunyamula opita ndi oweruka ku ntchito, masana kudikira mahayala. Ngati zili choncho, ine ndinganene Sienta, koma osati Sienta iliyonse.

Tiwerengere m'malita, osati m'makwacha, chifukwa mtengo wa petulo usintha musanamalize n'komwe kubweza ndalama yanu. Tiyerekeze kuti mukuyenda makilomita 180 pa tsiku. Izi sizambiri muno, mzinda wathu ndi womwazikana: kuchoka ku 25 kudutsa Kanengo kukafika m'tauni, kubwerera, kenako wina akuti ku Likuni kapena ku bwalo la ndege ku Lumbadzi. Tinene Mira yanu ikukupatsani makilomita 18 pa lita, Sienta 12. Ndiye kuti Mira yamwa malita 10, Sienta 15. Kusiyana kwake ndi malita 5 pa tsiku, ndipo pa masiku 26 ogwira ntchito ndi malita 130. Ndi ndalama yooneka, ndipo amene akukuuzani za Mira sakunama.

Koma taonani ulendo umodzi wa makilomita 12 wodzaza anthu. Sienta ili ndi mipando 7, kuchotsa inu otsala ndi 6, ndipo yawafikitsa onsewo ndi lita imodzi. Mira ili ndi mipando 4, ndiye olipira ndi 3. Kuti isamutse anthu 6 omwewo iyenera kupita kawiri, ndipo mafuta apitirira lita imodzi ija tisanawerengere ulendo wobwerera kukatenga otsalawo, nthawi yam'mawa yomwe anthu amachuluka ikutha. Pa munthu mmodzimmodzi Sienta ndiyo ikumwa pang'ono. Pa hayala ya munthu mmodzi zinthu zimatembenuka, Mira imapambana. N'chifukwa chake funso loti "yosamwa mafuta ndi iti" palokha silikwanira.

Dandaulo langa lenileni pa Mira ndi kulimba. Injini yake ndi ya 660cc, inapangidwira maulendo afupiafupi a m'tauni ku Japan. Mukaikweza anthu akuluakulu atatu ndi thumba la chimanga, muziponda mafuta mpaka pansi pa kamtunda kalikonse, ndipo makilomita 18 aja amatsika. Injini yaing'ono yokakamizidwa tsiku lonse imatentha, mashoki ndi mabushi amatha msanga, matayala ake ang'onoang'ono amavutika m'maenje. Ngati ntchito yanu ikanakhala mahayala okha pa tala, pakati pa City Centre, Area 47 ndi Gateway Mall, ndikanati ganizirani Vitz kapena Passo, makamaka Vitz ya 1.3 yomwe siilira kwambiri ikalemedwa. Koma kasitomala wa ku Mgona, Senti, Kauma kapena Chinsapo amafuna kumusiya pakhomo, ndipo kumeneko tala amathera panjira.

Aqua ndi galimoto yabwino ya haibulidi, yoyendera petulo ndi batire, ndipo pa mzere wa magalimoto wodutsa pa mlatho wa Lilongwe madzulo palibe yoifika, poti ikaima injini imazima n'kumayendera batire. M'nthawi zosowa mafuta, kukhala masiku ochulukirapo osapita pa mzere wa filing'i ndi phindu lenileni. Vuto ndi zaka. Aqua zoyamba zinatuluka kumapeto kwa 2011, ndiye zotchipa zomwe mukuziona pa msika batire yake yakalamba. Batire imeneyo ili pansi pa mpando wakumbuyo ndipo imaziziritsidwa ndi kafani kokoka mpweya wa m'galimoto momwemo. Fumbi lathu la Ogasiti mpaka Okutobala limatseka kafaniko, batire imatentha n'kufooka. Mudzaidziwa yofooka poona timizere ta batire tikudzaza ndi kutha mwachangu, injini ikungodzuka pafupipafupi ngakhale mwaima. Ilinso pansi kwambiri, imagunda pa mabampu ikadzaza. Muigule pokhapokha makaniko wodziwa haibulidi waiyika pa makina n'kuwerenga batireyo, komanso muli ndi ndalama yapadera yoisinthira.

Tsono chomwe chikundikokera ku Sienta yakale ija, yopangidwa kuyambira 2003 mpaka 2015, ndi injini yake ya 1.5 yotchedwa 1NZ-FE. Injini yomweyi ili mu Probox, mu Corolla ndi Axio za 1.5, mu Ractis ndi zina zambiri. Ku Malangalanga, ku Biwi kapena ku Mchesi mukafuna koilo, pampu ya madzi, olitaneta, ngakhale injini yonse yakale, muipeza tsiku lomwelo, ndipo makaniko aliyense anaitsegulapo. Ili ndi tcheni m'malo mwa lamba wa taiming'i, ndiye simukhala ndi nkhawa ya lamba woduka. Izi n'zofunika chifukwa chomwe chimapha bizinesi ya takisi ndi galimoto kugona pa galaja. Ikakhala masiku 5 kudikira sipeya yochokera ku Dar es Salaam kapena ku Joni, mwataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama za mwezi, ndipo kasitomala amene wakuimbirani kawiri osakupezani wasunga kale nambala ya mnzanu.

Malo ofooka a Sienta ndi giyabokosi, ndiye pamenepa mukhalepo nthawi. Muwerenge nambala ya tchesisi ya galimotoyo. Ikayamba ndi NCP81 ndi yokoka ndi matayala akutsogolo okha ndipo ili ndi giyabokosi ya CVT. Ikayamba ndi NCP85 ndi yokoka onse anayi, giyabokosi yake ndi otomatiki wamba ya magiya 4, yopirira koma yomwa mafuta kwambiri. Zambiri zomwe mukumane nazo ndi NCP81. CVT imayenda ndi lamba wachitsulo pakati pa mapule awiri, ndipo imafa ndi zinthu ziwiri: kulemedwa mopitirira, ndi kuthiridwa oilo wa otomatiki wamba m'malo mwa oilo wa CVT. Sienta yomwe yakhala ikunyamula anthu 10 pa msewu wa ku Mitundu kapena Nsundwe yakumana nazo zonse ziwiri, ngakhale penti yake iwale bwanji.

Poiyesa musavomere kuzungulira nayo nyumba imodzi n'kubwerera. Tengani anzanu anayi akwere, muyende theka la ola mpaka itenthe bwino, chifukwa CVT yodwala imabisala ikadali yozizira. Imani pa mtunda, nyamukani pang'onopang'ono. Ikanjenjemera ponyamuka, kapena injini ikakwera mawu koma liwiro osawonjezeka, kapena mukamva kulira kosalekeza kokwera limodzi ndi liwiro, isiyeni. Ikani pa R mutaponda buleki, kenako pa D. Iyenera kugwira mwamsanga mosagunda. Wogulitsa akakuuzani kuti "ingofunika kusintha oilo basi", mufunseni chifukwa chomwe sanasinthe yekha asanaigulitse.

Injini muione m'mawa isanalizidwe, mupangane ndi mwini wake kuti asaidzutse, ndipo mukafika gwirani ndi dzanja kuti mutsimikize kuti ndi yozizira. Mukatembenuza kiyi osaliza, nyali ya injini ndi ya oilo ziyake, ndipo zizime ikalira. Nyali yosayaka n'komwe nthawi zambiri ndiye kuti wina anaichotsa pofuna kubisa vuto. Utsi wa buluu ndi injini yodya oilo. Tsegulani chotsekera cha oilo: mukaona zoyera ngati chambiko kunsi kwake, kapena thovu likutuluka mu rediyeta injini ikulira, madzi ndi oilo zikukumana, gasiketi inapsa. Makilomita a pa wotchi musawakhulupirire okha, amabwezedwa. Onani kutha kwa labala wa pa buleki, chiwongolero ndi mpando wa dalaivala. Zitseko zotsetsereka zija muzitsegule ndi kutseka kangapo, poti pa takisi zimagwira ntchito kuposa china chilichonse.

Za mafuta musamve za m'kamwa, ngakhale zanga zomwe. Manambala ndalemba pamwambawa ndi oyerekezera. Dzazani thanki mpaka pampu idule yokha, bwezani kawotchi ka ulendo pa ziro, yendani makilomita osachepera 50 m'misewu yomwe muzigwiramo ntchito, bwererani pa pampu yomweyo mudzazenso. Gawani makilomita ndi malita omwe alowa. Sienta ikakupatsani 8 kapena 9 pa lita, pali chomwe chalakwika, mwina mapulagi, sensa ya mpweya kapena giyabokosi yoterereka, ndipo kusiyana kwa 9 ndi 12 pa makilomita 180 ndi malita 5 tsiku lililonse.

Mapepala ndi achidule koma musawadumphe. Nambala ya tchesisi ya pa galimoto ifanane ndi ya pa bulubuku, dzina la wogulitsa likhale lomwe lili pamenepo, ndipo mupite naye limodzi ku Road Traffic kukasintha umwini musanamalize kulipira. Galimoto yonyamula anthu olipira imafunika nambala yofiira, COF, chilolezo cha msewu, inshuwalansi ya onyamula anthu, ndi laisensi yanu yokuyenerezani kutero. Ngati mukuitanitsa kunja kudzera ku Songwe, funsani kaye a MRA msonkho wake, chifukwa umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto.

Chomaliza ndi chomwe ambiri amagwera: musathere ndalama yonse pogula. Makilomita 180 pa masiku 26 ndi 4,680 pa mwezi, ndiye sevisi ya pa makilomita 5,000 izikupezani pafupifupi mwezi uliwonse, ndipo pa chaka mudutsa 56,000. Matayala, mabuleki ndi mashoki ndi zogula chaka chomwecho, osati zam'tsogolo. Tsiku logula likangodutsa, sinthani oilo wa injini, oilo wa CVT weniweni, mapulagi ndi sefa ya mpweya, mosatengera zomwe wogulitsa wanena. Kenako madzulo aliwonse, mukachotsa ya mafuta, patulani ya galimoto musanatenge ya ndiwo, muisunge pa foni ina yomwe simuyenda nayo. Ngati ndalama yanu ikungokwanira Sienta yotopa popanda chotsala, tengani Vitz ya 1.3 yabwinobwino muyambe ndi mahayala, za siteji zidikire.