Ndinathira nayitrojeni koma manambala sakundivomereza: ndilembe chiyani?

"Zikomo, ndine wophunzira ndipo ndili mkati molemba lipoti la kafukufuku wanga. Ndinali ndi mapuloti khumi a udzu wam'tchire. Asanu ndinathiramo yureya kamodzi kumayambiriro kwa nyengo, magalamu 10 a nayitrojeni pa sikweya mita, asanu enawo sindinathiremo kanthu. Ndinkayembekezera kuti udzu uchuluka ndi 25 peresenti. Nditamweta n'kuumitsa, osathirawo anapereka avereji ya magalamu 310 pa sikweya mita, othirawo 352, koma p = 0.21. Mnzanga akuti ndilembe kuti udzu unaonetsa zizindikiro zochuluka. Ine ndikuganiza zongolemba kuti nayitrojeni alibe ntchito pamalopa. Chigawo chofotokoza tanthauzo la zotsatira ndichilembe bwanji?"

Ziganizo ziwirizo musalembe n'chimodzi chomwe. Cha mnzanuyo chikufuna kupambanitsa ganizo lanu ndi pakamwa chabe, manambala atakana. Chanu chikumveka chodzichepetsa, koma n'chimene chikudzitama kwambiri, chifukwa kunena kuti chinthu chilibe ntchito kumafuna umboni wamphamvu umene mapuloti asanu mbali iliyonse sangapereke.

Tiyambe ndi chimene p = 0.21 akunena. Akuti: zikanakhala kuti nayitrojeni sasintha kanthu m'pang'ono pomwe, kusiyana kwa magalamu 42 kapena kuposerapo kukanaonekabe pafupifupi kamodzi pa maulendo asanu alionse ochita kafukufuku wotereyu, chifukwa cha kusiyanasiyana kwa mapuloti kokha. Basi. Sakunena kuti feteleza sanagwire ntchito, komanso sakunena kukula kwa ntchito imene anagwira. Kuti mudziwe zimenezo muyenera kuona malire a kusiyanako, amene pulogalamu ya R imawalemba kuti `95 percent confidence interval`:

```r
t.test(udzu ~ gulu, data = d, var.equal = TRUE)
```

Apa `d` ndi tebulo la manambala anu, `udzu` ndi kulemera kwa udzu pa puloti iliyonse, `gulu` ndi othira kapena osathira. R amatenga avereji ya gulu loyamba n'kuchotsapo ya lachiwiri, ndiye osathira akakhala oyamba, zizindikiro za + ndi − pa malirewo zidzatembenuka. Simunanditumizire manambala a puloti iliyonse, koma ngati munagwiritsa ntchito mayeso a t ngati awa, p wanuyo akundilola kuwerengera chobwerera. Pa mapuloti asanu ndi asanu, p = 0.21 akugwirizana ndi t wa pafupifupi 1.36. Mukagawa 42 ndi 1.36 mupeza 31, umene ndi muyeso wa kugwedezeka kwa kusiyanako. Chulukitsani 31 ndi 2.31, nambala ya t yoyenera mapuloti khumi m'magulu awiri, mupeza pafupifupi 72. Ndiye kuti malire anu akuyambira cha pa −30 kufika cha pa +114 magalamu pa sikweya mita. Tikawayerekeza ndi 310, ndi kutsika kwa 10 peresenti mbali ina, kukwera kwa 37 peresenti mbali inayo.

Taonani tsono. Ziro ali mkati mwa malirewo, n'chifukwa chake p sanatsike kufika pa 0.05. Koma 25 peresenti imene munkayembekezera ija, yomwe ndi magalamu 78, nayonso ili mkati momwemo, ndipo si m'mphepete ayi. Kafukufuku wanu sanatsutse ganizo lanu, sanalivomerezenso. Walephera kusiyanitsa "palibe kanthu" ndi "pali chachikulu". Chiganizo choyamba cha chigawo chanucho chinene zimenezo mosabisa.

Pali mtundu wina wa zotsatira umene umafanana ndi wanu pamaso chabe. Tiyerekeze kuti wina wapeza kusiyana kwa magalamu 6, malire ake kuyambira −8 kufika +20. Nayenso p wake waposa 0.05, koma iyeyo ali ndi ufulu wonena kuti ngati nayitrojeni anachita kanthu, kanthu kake n'kakang'ono, kosakwana 7 peresenti. Awiri nonse mukalemba kuti "panalibe kusiyana" wowerenga sangadziwe kuti wina wapeza yankho pamene wina sanalipeze.

Tsono pa zifukwa. Apa ndi pomwe malipoti ambiri amasochera: wolemba amandandalika zifukwa zisanu ndi ziwiri zimene feteleza angalepherere, zonse ndi mawu akuti "mwina", ngati kuti zatsimikizika kale kuti analephera. Kwa inu sizinatsimikizike. Choncho chifukwa choyamba kuchilemba ndi chosasangalatsa chija: mapuloti anali ochepa poyerekeza ndi mmene amasiyanirana okhaokha. Manambala anu akusonyeza kuti puloti imodzi imatalikirana ndi avereji ya gulu lake ndi magalamu pafupifupi 49. Ndi kusiyanasiyana kotereku, kuti mukhale ndi mwayi wa 80 peresenti wogwira kukwera kwa magalamu 78 mumafunika mapuloti pafupifupi asanu ndi atatu pa gulu, ndipo kuti mugwire kukwera kwa magalamu 40 mumafunika oposa 20 pa gulu. Manambala amenewa alembeni ngati malangizo kwa amene adzabwereze ntchitoyi. Musawerengere mphamvu ya kafukufuku kuchokera pa 42 amene mwapezayo n'kuipereka ngati umboni watsopano, chifukwa imangobwereza zomwe p wanena kale.

Mukatero, dzifunseni ngati nayitrojeniyo anafikadi ku mizu. Yambani ndi kabuku kanu ka kumunda. Yureya ali ndi nayitrojeni 46 peresenti, ndiye magalamu 10 a nayitrojeni ndi magalamu pafupifupi 22 a yureya. Amene anayeza magalamu 10 a yureya pa sikelo anathira 4.6 okha, ndipo cholakwika chimenechi chimachitika kawirikawiri kuposa mmene anthu amavomerezera. Ngati munayeza bwino, onani nyengo ya masiku otsatira. Yureya womwaza pamwamba pa nthaka yachinyezi kukutentha, mvula yomulowetsa pansi n'kuchedwa, amataya gawo lina mumpweya ngati amoniya. Chimvula champhamvu pa dothi lamchenga chimatha kukokolola kapena kutsitsa nayitrojeni kupitirira pomwe mizu ifika. Mapuloti ogundana nawonso amabera: mizu ya udzu wosathira imadutsa malire n'kukadya nawo kwa oyandikana, kusiyana kwa magulu awiriwo n'kuchepa.

Njira yodziwira ilipo ngati munasunga udzu wouma uja. Upereni, muupititse ku labotale akayeze kuchuluka kwa nayitrojeni m'masamba. Akapezeka wambiri m'masamba a mapuloti othira koma kulemera kwa udzu osasintha kwenikweni, ndiye kuti zomera zinamulandira koma china chinazimanga miyendo: madzi, fosifolasi, kapena kuwala. Akapezeka wofanana m'magulu onse, nkhani ikhoza kukhala yakuti feteleza sanafike, ngakhale kuti udzu umene wakuladi umathanso kusungunula nayitrojeni wake m'masamba ochuluka. N'chifukwa chake ndi bwino kuchulukitsa peresenti ya nayitrojeniyo ndi kulemera kwa udzu kuti muone yense amene anatengedwa pa sikweya mita. Muyeso umodzi umenewu ungakuchotsereni theka la "mwina" wanu.

Ngati simunasunge, palibe vuto, koma siyanitsani poyera zimene munayeza ndi zimene mukungoganizira. Muli ndi kaundula wa mvula wosonyeza kuti kunauma mutangothira? Lembani, ndi masiku ake. Simunayeze fosifolasi m'nthaka? Mutha kunena kuti kafukufuku wanu sakanatha kuona kuperewera kwa michere iwiri nthawi imodzi, poti munalibe gulu la fosifolasi yekha kapena la nayitrojeni ndi fosifolasi pamodzi. Chimene simungalembe n'chakuti "fosifolasi ndiye anali woperewera". Chimodzimodzi ziweto kapena nyama zam'tchire: zimakonda udzu wothira feteleza, ndipo ngati munalibe mpanda zingathe kudya kusiyana kwanu konse musanamwete. Koma zitchuleni pokhapokha ngati munaona ndowe, mapazi kapena masamba odulidwa.

Kuti udzu sunayankhe momveka si chachilendo, ndipo izi zingakuthandizeni kuika zotsatira zanu pamalo pake. Gulu la ofufuza lotchedwa Nutrient Network limathira mlingo womwewo wa magalamu 10 pa sikweya mita chaka ndi chaka m'madambo ndi m'zigwa za udzu m'mayiko osiyanasiyana. Mu 2015 linafalitsa kuti michere inkachepetsa kukula kwa udzu pamalo 31 mwa malo 42, ndipo pamalo ambiri vuto silinali mchere umodzi wokha. Malo 11 otsalawo sanaonetse kuperewera. Komanso iwo amathira zaka zingapo motsatizana, pamene inu munathira kamodzi n'kumweta nyengo yomweyo. Udzu wokhalitsa umatha kusunga zimene walandira m'mizu n'kudzazionetsa chaka chotsatira, ndipo inu mizu simunayeze. Chimenechi ndi malire enieni a ntchito yanu, chiyenera chiganizo chakechake.

Pali misampha iwiri imene mudzakumana nayo usiku womaliza kulemba. Woyamba: ngati munamweta timagawo titatu m'puloti iliyonse, mudzalakalaka kutiwerenga ngati 15 pa gulu m'malo mwa 5, ndipo p adzatsika mosangalatsa. Musatero. Feteleza munathira pa puloti, osati pa kagawo, ndiye timagawo titatuto tiphatikizeni tipereke nambala imodzi. Wachiwiri: kuyesa kutalika, kuchuluka kwa masamba, mtundu uwu, mtundu uwo, mpaka china chitulutse p = 0.04, kenako n'kuchiika pamutu wa lipoti. Mukayesa zinthu 20 zosagwirizana zimene feteleza sanazikhudze n'komwe, muyembekezere kuti chimodzi chidutsa 0.05 mwamwayi chabe. Zoterezi zilembeni ndithu, koma nenani kuti munayesa zingati ndiponso kuti simunazikonzekere poyamba. Ndipo puloti ija imene mukuiona ngati yasokoneza zonse, musaichotse popanda chifukwa cholembedwa m'kabuku ka kumunda. Ngati chifukwa chilipo, onetsani zotsatira ili momwemo komanso itachotsedwa.

Ndikanakhala inu ndikanatsegula chigawocho motere, mutakonza manambala molingana ndi amene kompyuta yanu itulutse:

"Mapuloti othira nayitrojeni anapereka udzu wochuluka ndi magalamu 42 pa sikweya mita kuposa osathira (14 peresenti), koma malire a 95 peresenti akuyambira −30 kufika +114 (p = 0.21, mapuloti asanu pa gulu). Malirewa akuphatikiza ziro komanso kukwera kwa 25 peresenti kumene tinkayembekezera, choncho kafukufukuyu sangatsimikize kapena kutsutsa kuti nayitrojeni ndi woperewera pamalopa. Manambalawa sakugwirizana ndi kukwera koposa pafupifupi 37 peresenti m'nyengo yoyamba. Sitinayeze nayitrojeni m'nthaka kapena m'masamba titathira, ndiye sitingasiyanitse feteleza wotayika ndi feteleza wolandiridwa koma osagwiritsidwa ntchito."

Chiganizo chachitatucho musachisiye, chifukwa ndi chinthu chenicheni chimene mwapeza: udzu wanu sunakwere kuposa pafupifupi 37 peresenti, ndipo zimenezo mungazinene molimba mtima. Pa chithunzi, m'malo mwa mizati iwiri ya maavereji, jambulani madontho khumi, limodzi pa puloti iliyonse, kuti wowerenga adzionere yekha mmene magulu awiriwo akulowererana. Ndipo mawu omwewa apite m'chidule cha kumayambiriro kwa lipoti, chifukwa ambiri amawerenga chokhacho. Chidule chikati "nayitrojeni sanasinthe udzu" pamene mkati mwalemba +114, woyesa lipoti lanu adzaona, ndipo funso lake loyamba lidzachokera pomwepo.