Pepala logawa si masilaidi ofinyidwa

"Abale thandizeni. Lachinayi ndikukaphunzitsa alimi otsogolera 30 kabzalidwe ka chimanga ka mbewu imodzi pa phando. Masilaidi ndakonza 14. Abwana akuti pakhalenso pepala limodzi loti anthu atenge. Ndiikepo chiyani poti zonse zili kale pa masilaidi?"

Achemwali, chonde chonde musakhudze pamene palembedwa 6 Slides Horizontal mu PowerPoint paja. Ndi kumene aliyense amathamangira Lachitatu usiku, ndipo amene amatuma anthu kumeneko ndi mabwana omwewa: "Ingopulintani masilaidiwo, nthawi yatha." Eni akewo sadzaima kutsogolo kwa gulu, manyazi adzakhala anu. Silaidi ya masiku ano ndi ya masentimita pafupifupi 34 m'litali mwake. Mukaika asanu ndi limodzi pa A4, lililonse limafinyika pafupifupi kanayi, ndiye zilembo za 24 zimene zimaoneka bwino pakhoma zimatsika kufika cha m'ma 6. Mukapita nazo ku fotokope imene inki yake ili kumapeto, zimasanduka nyerere zakufa. Ndipo anu 14 aja sangakwane n'komwe pa tsamba limodzi, atenga masamba atatu.

Zikatero, chimachitika m'chipindamo n'chomvetsa chisoni. Inu muli kalikiliki kufotokoza, anthu maso ali pansi. Bambo wina akuyandikitsa pepala kumphuno, kenako kulitalikitsa. Chithunzi chanu chokongola cha munda chasanduka chidontho chakuda bii. Mizere yofiira ndi yobiriwira ya pa tchati yonse yakhala yotuwa mofanana. Ndiye mayi wina kumbuyo akweza dzanja: "Alangizi, apa alemba 25 kapena 75?" Pa zilembo zazing'ono chotero 2 ndi 7 amafananadi. Mayiyo ndiye wachita bwino kufunsa. Oopsa ndi amene angopinda pepala n'kuika m'thumba, chifukwa nambala yolakwikayo akaiphunzitsa anthu ena kumudzi. Wa fotokope uja naye sanena kuti makina ake akutha mphamvu, amangolandira ndalama n'kukupatsani mulu uli wofunda.

Ganizani chonchi. Masilaidi amagwira ntchito inu mulipo, pakamwa panu pakudzaza zimene sizinalembedwe. Pepala lidzagwira ntchito inu kulibe, tsiku limene mvula yobzalira yagwa, munthu ali kumunda ndi khasu, anzake asanu amuzungulira akudikira kuti awaonetse. Pitani pa masilaidi anu limodzilimodzi n'kumafunsa kuti, kodi ichi adzachifuna tsiku limenelo? Zithunzi za munda wabwino ndi woipa, ayi, zitsale pakhoma. Kufotokoza koti mbewu zitatu pa phando limodzi zimalimbirana chakudya ndi dzuwa, munene pakamwa, adzakumbukira. Kuyerekeza kuja koti kabzalidwe kakale ka 90 kwa 90 mbewu zitatu pa phando kamapereka mapesi pafupifupi 37,000 pa hekitala pamene katsopanoka kamapereka 53,333 ndi kokopera mitima, malo ake ndi pa silaidi. Chimene mutu sugwira ndi miyeso, ndondomeko ya choyamba ndi chotsatira, ndi foni ya munthu wofunsa zikavuta. Pepala ndi la zimenezo.

Pamwamba musalembe dzina la maphunziro ndi zizindikiro za bungwe zodya gawo lonse lakumtunda. Kachizindikiro kamodzi pakona kakwana, abwana asakuvuteni. Mutu ukhale uthengawo weniweni, m'zilembo zazikulu za 18 kapena 20: "Mizere 75, mapando 25, mbewu imodzi." Munthu akangoona mzere umenewo wokha pepala lili pakhoma la nyumba, watenga kale theka la phunziro. Pansi pake katebulo ka mizere itatu, muyeso uliwonse ndi mawu ake athunthu: masentimita 75 kuchokera pa mzere kufika pa mzere unzake, masentimita 25 kuchokera pa phando kufika pa phando, mbewu imodzi pa phando. Pa silaidi mukhoza kungolemba 75 x 25 chifukwa mulipo kuti mumasulire. Papepala 75 x 25 yopanda mawu wina adzaitembenuza.

Tsopano chinthu chimene pepala lingachite koma pulojekita singachite ngakhale itakhala yodula bwanji. A4 ndi masentimita 21 m'lifupi, 29.7 m'litali. Mukasiya malire a masentimita 2 pamwamba ndi pansi, pamatsala 25.7. Ndiye kuti m'mbali mwa pepalalo mukhoza kujambulamo mzere wa masentimita 25 enieni. Mlimi aika kamtengo pamzerepo, adula, wapeza choyezera mapando. Kamtengoko katatu, wapeza 75 wa mizere. Palibenso zofuna lula kapena tepi. Mu Word pitani ku Insert, kenako Shapes, sankhani mzere, gwirani Shift pojambula kuti uwongoke, ndipo pa Shape Format lembani 25 cm pa Height. Ukhale wonenepa, 1.5 pt kapena 2, chifukwa mzere wowonda fotokope imaudula m'zidutswa. Kumapeto konse kuwiri ikani kamzere kopingasa kuti poyambira ndi pothera pasakhale mkangano, ndipo pambali lembani kuti "Dulani kamtengo kotalika chonchi."

Apa ndi pamene pali msampha, mvetsetsani. Makompyuta ambiri Word yake imakhala pa pepala la Letter, la ku Amereka, lomwe ndi lalifupi koma lotakata kuposa A4. Musanalembe chilichonse pitani ku Layout, Size, musankhe A4. Mukamaliza sungani ngati PDF kuti kompyuta ya ku sitolo isasunthe zinthu. Populinta PDF ija, muuzeni mnyamatayo asankhe Actual size, osati Fit. Fit imafinya tsamba pang'ono kuti likwane, ndipo ndi maso simungazindikire. Likafinyika kufika pa 96 peresenti, mzere wanu ndi masentimita 24, katatu ndi 72, mwaphunzitsa mudzi wonse muyeso wabodza ndi dzanja lanu. Makina a fotokope nawo amasiyidwa ali pochepetsa ndi kasitomala amene wangochoka kumene. Tengani lula m'chikwama, atulutse tsamba limodzi, yezani pomwepo pa kauntala, ndipo enawo atuluke mutakhutira. Akakwiya kuti mukumuchedwetsa, akwiye.

Pakati pa pepala ikani ndondomeko, masitepe asanu kapena asanu ndi limodzi, lililonse chiganizo chimodzi choyamba ndi chochita: yezani, kumbani, ponyani, kwirirani. Apa mulembe ziganizo zathunthu, osati timawu tiwiri ta pa silaidi monga "kuthira feteleza", pakuti timeneto tanthauzo lake limachoka limodzi ndi inu mukakwera njinga. Masiku othirira feteleza ndi mlingo wake mukopere ndendende kuchokera m'buku la ulangizi limene ofesi yanu ikugwiritsa ntchito chaka chino, osati pamtima.

Kenako masamu amodzi okha, ochitidwa mpaka kumapeto, amene pakhoma sakanakwana. Mzere wa mamita 50 ukhala ndi mapando 200, chifukwa pa mita imodzi pamalowa anayi. Ekala imodzi mapando ake ndi pafupifupi 21,500. Hekitala isiyeni pa silaidi, anthu kumudzi amawerenga maekala ndi mizere. Pansi pake siyani mipata yoti munthu alembe yekha: munda wanga uli ndi mizere ingati, mzere uliwonse mamita angati, ndiye mapando ndi angati. Mipatayi italikirane ndithu, sentimita imodzi kapena kuposerapo, dzanja lozolowera khasu silemba ting'onoting'ono. Munthu akalembapo za munda wake pepalalo salikulungiranso mandasi.

Kunsi kwenikweni dzina la ofesi, nambala ya foni yofunsira, ndi mwezi ndi chaka. Tsiku anthu amaliiwala, koma malangizo amasintha, ndipo pepala lopanda chaka limayendabe m'midzi zaka zisanu likuphunzitsa zakale.

Zilembo za mawu onse zisatsike pansi pa 12, ambiri mwa alimi otsogolera ndi akuluakulu ndipo magalasi alibe. Pa kukula kumeneko, kuphatikiza tebulo ndi mipata, mawu okwana bwino ndi 250 kapena 300 basi. Chichewa chili ndi mawu ataliatali, ndiye musayambe kulemba m'Chingerezi n'kudzaza tsamba kenako kumasulira, chidzasefukira pa tsamba lachiwiri ndipo mudzayamba kuchepetsa zilembo. Zikapanda kukwana chotsani mfundo, zilembo zisiyeni. Mitundu iwalani. Mawu akuda pa pepala loyera, mabokosi a mzere wakuda opanda utoto mkati, chifukwa utoto wotuwa kumbuyo kwa mawu ndi umene fotokope imausandutsa matope. Chojambula ngati mukuchifuna, mizere iwiri ndi madontho a mapando, ngakhale chojambula ndi cholembera chakuda, chimatuluka bwino kuposa chithunzi cha pa foni.

Pogawa, musaike pa mipando anthu asanalowe. Adzawerenga mpaka kumapeto inu muli pa silaidi yachiwiri, kenako ayamba kucheza. Koma musadikirenso mpaka pemphero lotsekera, nthawi imeneyo mitima ili pa ndalama ya thiransipoti ndipo theka la mapepala lidzatsala pansi. Nenani poyamba kuti miyeso yonse ili papepala limene alandire, asavutike kulemba. Mugawe mukafika pa silaidi ya miyeso, mutuluke nawo panja, aliyense athyole kamtengo ayeze pa mzere uja inu mukuona. Pulintani 35 kapena 40, pamapezeka afumu ndi ena obwera osaitanidwa, ndipo wina adzapempha la mnzake amene wadwala.

Ndakuletsani kukopera, komabe silaidi imodzi muikopere liwu ndi liwu, ya miyeso ija. Ngati pakhoma mwalemba "phando", papepala musalembe "dzenje". Ngati pakhoma ndi masentimita 75, papepala musati mamita 0.75. Anthu akaona kusiyana amayesa ndi malangizo awiri, ndiye mukasintha nambala pa silaidi usiku womaliza, kumbukirani kusinthanso papepala. Ndiponso ndondomeko ya papepala itsate mmene masilaidi akuyendera, chifukwa magetsi akathima pa silaidi yachisanu, pepala lomwelo ndi limene mudzaphunzitsire mpaka kumapeto.

Ena adzati mutitumizire pa WhatsApp. Tumizani PDF ngati Document, osati chithunzi chojambula ndi foni, chimene chimafika zilembo zitasungunuka. Koma pa foni mzere uja si masentimita 25 ayi, ndiye pambali pake onjezerani kuti "Muyeso uwu ndi wolondola papepala la A4 lokha." Mukamaliza, Lachitatu masana mupatse mlonda wa pa ofesi kapena mayi wogulitsa tomato pa geti, munthu amene masilaidi sanawaone, mumufunse kuti mapando atalikirane bwanji. Akayamba kuzunguza maso papepala kufunafuna, kabwerereni ku kompyuta.