Tebulo la madzi ndi kutsegula m'mimba: df yanu ndi 2, osati 5

"Ndinayendera mabanja 200, ndikufunsa kumene amatunga madzi akumwa ndiponso ngati mwana wosakwana zaka 5 anatsegula m'mimba m'masabata awiri apitawo. Pamjigo anadwala 20, osadwala 80. Pachitsime chosatetezedwa 22 ndi 38. Kumtsinje 18 ndi 22. Kayi sikweya yatuluka 10.32, ndipo popeza mabokosi alipo 6 ndinatenga df ya 5. Zikuonetsa kuti palibe mgwirizano, koma ondiyang'anira akuti ndalakwitsa. Ndalakwitsa pati?"

Achemwali, okuyang'anirani akunena zoona, koma musataye mtima, chifukwa 10.32 yanuyo ndi yolondola ndipo cholakwika chili pamalo amodzi okha, pa df, imene ndi chiwerengero cha mabokosi a m'tebulo amene angasinthe momasuka. Ndiyambira pa ziwerengero zoyembekezeka ngakhale munazipeza kale bwinobwino, popeza njira imene zimapezekera ndi imene ikufotokoza chifukwa chake df ya tebulo lanu ili 2.

Mayeso a kayi sikweya, amene amaona ngati zinthu ziwiri zili ndi mgwirizano, amayamba ndi kuyerekezera kuti gwero la madzi ndi matenda sizikhudzana m'pang'ono pomwe. Pa mabanja onse 200, amene mwana anadwala ndi 60, kutanthauza 30 pa 100 aliwonse. Zikanakhala kuti madzi alibe gawo pa nkhaniyi, gulu lililonse likanakhala ndi odwala 30 pa 100, kaya ndi la pamjigo kaya la kumtsinje. Ndiye pa mabanja 100 a pamjigo tikanayembekezera odwala 30 ndi osadwala 70, pa mabanja 60 a pachitsime odwala 18 ndi osadwala 42, ndipo pa mabanja 40 a kumtsinje odwala 12 ndi osadwala 28. Lamulo la m'mabuku limanena zomwezo mwachidule, kuti muchulukitse chiwonkhetso cha mzere wopingasa ndi cha mzere wotsika, kenako mugawe ndi chiwonkhetso cha tebulo lonse.

```
E = (R × C) / N
χ² = Σ (O − E)² / E
df = (r − 1)(c − 1)
```

Pano `O` ndi chiwerengero chimene munapeza kumudzi, `E` ndi choyembekezeka, `R`, `C` ndi `N` ndi ziwonkhetso zitatu zija, ndipo `r` ndi `c` ndi kuchuluka kwa mizere yopingasa ndi yotsika. M'bokosi la odwala a pamjigo munapeza 20 m'malo mwa 30. Kusiyana kwake ndi 10, mukakuchulukitsa ndi iko komwe mupeza 100, ndipo 100 kugawa ndi 30 ndi 3.33. Bokosi la osadwala a pamjigo likupereka 1.43, awiri a pachitsime akupereka 0.89 ndi 0.38, ndipo a kumtsinje 3.00 ndi 1.29. Zonse pamodzi ndi 10.32, monga munapezera.

Tsopano tengani pepala, mujambule tebulolo lopanda kanthu m'kati, koma mulembe ziwonkhetso m'mphepete: 100, 60 ndi 40 kudzanja lamanja, 60 ndi 140 pansi. Lembani 20 m'bokosi loyamba. Nthawi yomweyo bokosi loyandikana nalo latsekeka, liyenera kukhala 80 kuti mzerewo ukwane 100. Lembani 22 pa odwala a pachitsime, ndipo mnzake wasanduka 38 popanda inu kusankha. Mukafika pa mzere wa kumtsinje mupeza kuti palibenso chosankha, popeza odwala onse ndi 60 ndipo 20 ndi 22 adya kale 42, kotero otsala ndi 18, ndipo osadwala ndi 22. Mwa mabokosi 6, awiri okha ndi amene munali ndi ufulu wolembamo nambala, ndipo chiwerengero cha mabokosi omasukawo ndicho chimene df imaimira. Lamulo likugwirizana nazo: mizere yopingasa itatu kuchotsa umodzi ndi 2, mizere yotsika iwiri kuchotsa umodzi ndi 1, ndipo 2 kuchulukitsa ndi 1 ndi 2.

Wina angafunse kuti ziwonkhetso za m'mphepetezo tikuzimangiriranji, chikhalirecho sitinazidziwe tisanapite kumudzi. Yankho lake ndi lakuti ziwerengero zoyembekezeka sitinazitenge kwina, tinazipanga kuchokera ku ziwonkhetso zomwezo. Mlingo wa 30 pa 100 uja wachokera m'kafukufuku wanu yemweyo, motero `E` wakokeredwa kale kufupi ndi `O`, ndipo kusiyana kumene kungabwere mwangozi kumachepa. Lamulo lochotsa 1 pa chiwerengero cha mabokosi ndi la mayeso ena, amene amayerekeza mndandanda umodzi ndi milingo yodziwika kale, monga poyesa ngati ana obadwa pachipatala amagawanika mofanana m'masiku 7 a sabata. Cholakwa chanuchi ndi chakale ndithu. Karl Pearson, amene anafalitsa njirayi mu 1900, ankawerenga chimodzimodzi pa matebulo otere, mpaka Ronald Fisher anaonetsa mu 1922 kuti chiwerengero choyenera ndi `(r − 1)(c − 1)`, ndipo Pearson sanavomere msanga.

Taonani mmene nambala imodziyi yasinthira mathero a kafukufuku wanu. Pa mlingo wa 0.05, malire amene kayi sikweya iyenera kupitirira pa df ya 5 ndi 11.070, ndipo 10.32 sikufikapo, n'chifukwa chake munati palibe mgwirizano. Malire a df ya 2 ndi 5.991, ndipo ngakhale pa mlingo wokhwima wa 0.01 ndi 9.210, onse awiri mwawapitirira. Ngati muli ndi pulogalamu ya R pa kompyuta yanu, tsimikizani motere:

```
madzi <- matrix(c(20, 80, 22, 38, 18, 22), nrow = 3, byrow = TRUE)
k <- chisq.test(madzi)
k
k$expected
k$stdres
```

Muona mzere wakuti `X-squared = 10.317, df = 2, p-value = 0.005749`. Tanthauzo lake ndi lakuti, madzi ndi matenda zikanakhala zosakhudzana, kusiyana kwakukulu chotere kapena koposa apa kukanapezeka pafupifupi ka 6 pa kafukufuku 1,000 wofanana ndi wanu.

Ndikulangizani kuti musaime pamenepo polemba lipoti, chifukwa kayi sikweya imangonena kuti penapake m'tebulo muli kusiyana, koma siiloza malo ake. Lembani kaye milingo ya gulu lililonse: 20 pa 100 pamjigo, pafupifupi 37 pa 100 pachitsime, 45 pa 100 kumtsinje. Kenako yang'anani zimene `k$stdres` yatulutsa, zimene zimaonetsa kutalikira kwa bokosi lililonse ndi choyembekezeka, ndipo nambala yoposa 2 mbali iliyonse ndi yofunika kuiganizira. Odwala a pamjigo ali pa −3.09, a kumtsinje pa 2.31, koma a pachitsime pa 1.35 pokha. Choncho mutha kunena molimba mtima kuti mabanja a pamjigo anadwala mocheperapo ndipo a kumtsinje mochulukirapo, koma tebuloli silikukupatsani mphamvu yonena kuti chitsime n'chabwino kuposa mtsinje, pakuti kusiyana kwa 37 ndi 45 pa magulu aang'ono chotere kungathe kubwera mwangozi.

Kukula kwa kayi sikweya sikutanthauzanso kuti mgwirizano ndi wamphamvu, chifukwa nambalayi imakula pamodzi ndi kuchuluka kwa anthu ofunsidwa. Mukanayendera mabanja 100 okha n'kupeza theka la nambala iliyonse, kutanthauza 10 ndi 40, 11 ndi 19, 9 ndi 11, milingo ikanakhala yomweyo koma kayi sikweya ikanatsika kufika pa 5.16, pansi pa malire a 5.991. Pa chifukwa chimenechi ndi bwino kuwonjezera V ya Cramér, imene imayenda kuchokera pa 0 kufika pa 1 ndipo siisintha ndi kukula kwa gulu; pa tebulo lanu ndi 0.23, mgwirizano weniweni koma wosakula kwambiri. Pa chifukwa chomwecho musayerekeze kulowetsa maperesenti m'malo mwa ziwerengero zenizeni. Ndinaonapo wophunzira wina atachita zimenezi, ndipo chinamuulula chinali chiwonkhetso cha pansi pa tebulo, chimene chinkati 300 pomwe mafomu a m'katoni mwake sanali 300. Mzere uliwonse unali utasanduka anthu 100. Pa nambala zanu, kulakwitsa kotereku kukanakweza kayi sikweya kufika pafupifupi 14.5.

Pa nkhani ya ziwerengero zochepa muli pabwino. Lamulo limene ambiri amatsata, la William Cochran, ndi lakuti pasakhale bokosi lokhala ndi choyembekezeka chochepera 1, ndiponso mabokosi okhala ndi choyembekezeka chochepera 5 asapitirire limodzi mwa asanu alionse. Lamuloli limayang'ana `E`, osati `O`, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka akaona 3 kapena 0 m'ziwerengero zimene anapeza. Chochepetsetsa chanu ndi 12. Koma mukadzaganiza zogawa tebuloli potengera midzi kapena misinkhu ya ana, ziwerengero za kumtsinje zidzagwa msanga pansi pa 5, ndipo R idzakuchenjezani ndi mawu akuti `Chi-squared approximation may be incorrect`. Zikatero gwiritsani ntchito `fisher.test(madzi)`, kapena phatikizani magulu amene akugwirizana mwanzeru, monga chitsime ndi mtsinje kukhala madzi osatetezedwa, malinga ngati mwasankha zimenezi musanaone kuti kuphatikizako kukomera mbali iti. Tebulo likatsala la mizere iwiri ndi iwiri, df imakhala 1, malire ake 3.841, ndipo `chisq.test` imachotserako yokha pang'ono potsata njira ya Yates ya 1934, kotero nambala ya pa kompyuta idzachepa poyerekeza ndi ya papepala pokhapokha mutalemba `correct = FALSE`.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri si masamu ayi, koma mmene mabanjawo anasankhidwira. Mayesowa amafuna kuti banja lililonse lilowe m'bokosi limodzi lokha ndiponso kuti yankho la banja lina lisadalire la linzake. Munachita bwino kuwerenga mabanja m'malo mwa ana, pakuti ana atatu a nyumba imodzi amamwa mumtsuko umodzi ndipo amapatsirana matenda. Komabe funso lomwelo likubweranso pa mudzi. Ngati mabanja 40 a kumtsinje onse ali m'mudzi umodzi umene munali mliri sabata imeneyo, ndiye kuti simunayeze mtsinje ka 40, mwayeza mudzi umodzi, ndipo p-value ija ya pafupifupi 0.006 ikuoneka yaing'ono kuposa mmene iyenera kukhalira. Onaninso mafomu anu, muwerenge kuti gulu lililonse lachokera m'midzi ingati, ndipo mulembe zimenezo m'lipoti.

Pomasulira zotsatira, gwiritsani ntchito mawu akuti pali mgwirizano pakati pa gwero la madzi ndi kutsegula m'mimba, osati akuti madzi a mumtsinje ndiwo anayambitsa matendawo. Mabanja okhala kutali ndi mjigo angakhalenso amene alibe zimbudzi zabwino, sopo wosambira m'manja kapena chidebe chotsekera madzi, ndipo tebulo la zinthu ziwiri silingasiyanitse zimenezi. Ngati munafunsanso za zimbudzi, pangani matebulo awiri, lina la mabanja okhala ndi chimbudzi ndi lina la opanda, ndipo mupite nawo kwa okuyang'anirani pamodzi ndi df yokonzedwayo.