Musathamangire ST: ndondomeko yowerengera ECG pa mayeso

"Ndikuphunzira zachipatala ndipo mayeso ayandikira. Akandipatsa pepala la ECG ndikangoona chachilendo chimodzi ndimayankha pomwepo, kenako aphunzitsi amati pali china ndasiya. Ndiziyambira pati?"

Diso limakopeka ndi chomwe chatumphuka kwambiri papepala, makamaka ST. Mankhwala ake n'kuyenda njira imodzi pa pepala lililonse, ngakhale yankho mwaliona kale: kukula kwa zojambula, liwiro, kagundidwe, akisisi, PR, QRS, kenako ST, T ndi QT pomaliza. Tiyeni tiiyende pa pepala limodzi, la bambo wa zaka 60 amene pachifuwa pakumupweteka, akutuluka thukuta komanso akumva chizungulire.

Yambani m'mphepete. Dzina ndi tsiku n'zolondola? Palembedwa 25 mm/s ndi 10 mm/mV? Zikatero, kabokosi kakang'ono ndi masekondi 0.04, bokosi lalikulu 0.2. Pepala likajambulidwa pa 50 mm/s zonse zimatambasuka kawiri, ndipo mtima wogunda ka 80 pa mphindi mudzauwerenga ngati ukugunda ka 40. Suzumiraninso aVR. P, QRS ndi T nthawi zambiri zimaloza pansi m'menemo. Zikaloza m'mwamba pamene mu I zonse zatembenuka, kayikirani kuti mawaya a m'manja asinthanitsidwa, ndipo pemphani kuti ajambulenso.

Liwiro lake: werengani mabokosi aakulu pakati pa R ndi R inzake, mugawe 300 ndi nambalayo. Pa pepala lathu alipo 7.5, ndiye mtima ukugunda ka 40. Njira imeneyi imagwira mipata ikakhala yofanana. Ikakhala yosiyanasiyana, werengani ma QRS onse pa mzere wautali wa pansi wa masekondi 10, muchulukitse ndi 6.

Pa kagundidwe m'pamene ambiri amaphonya, choncho pamenepa dekhani. Pa mzere wautali wa II funsani mafunso awiri, osati limodzi. Kodi QRS iliyonse ili ndi P patsogolo pake? Nanga P iliyonse ikutsatiridwa ndi QRS? Tengani kapepala, muike m'munsi mwa mzerewo, mulembe kachizindikiro pa ma P atatu otsatizana, kenako muzikasendeza. Pa wodwala wathu ma P akubwera pa mabokosi 4 alionse, kutanthauza ka 75 pa mphindi, ndipo pomwe P ikuoneka ngati palibe, kachizindikiro kanu kakugwera pa T yomwe ili ndi kanundu kosiyana ndi anzake. P yabisala m'menemo. Ma P akuyenda paokha, ma QRS paokha.

Akisisi n'njachidule: QRS ikaloza m'mwamba mu I ndi mu aVF, ili bwino. Apa ili bwino.

PR yabwino ndi timabokosi 3 mpaka 5, kuyambira pomwe P yayamba kufika pomwe QRS yayamba. Cholakwika chofala n'kuyeza PR imodzi yokha, n'kupeza timabokosi 4, n'kupitirira. Yezani zinayi kapena zisanu zotsatizana. Apa imodzi ndi timabokosi 4, ina 14, ina 9, pamene mipata ya R ndi R sikusintha. Uthenga wochokera ku zipinda za pamwamba sukufika konse pansi. Imeneyi ndi buloko ya digiri yachitatu. Mukanaona PR ikutalika pang'onopang'ono mpaka QRS imodzi kudumphidwa, mipata ya R n'kumasiyana, ikanakhala ya digiri yachiwiri.

QRS iyenera kuchepera timabokosi 3. Yathu ndi timabokosi 2, zomwe zikutiuza kuti kugunda kopulumutsa mtimako kukuchokera chakumtunda, pafupi ndi mfundo ya AV, osati m'minofu ya zipinda za pansi.

Tsopano ST ija. Musaiwerenge motsatira mizere ya papepala, koma m'magulu: II, III ndi aVF amaona pansi pa mtima, V1 mpaka V4 kutsogolo, I, aVL, V5 ndi V6 m'mbali. Apa ST yakwera mamilimita 3 mu II, III ndi aVF, kwambiri mu III, ndipo yatsika mu I ndi aVL. Kutsika kwa mbali yoyang'anizanako kumalimbitsa kuti mtsempha watsekeka, si kutupa kwa kathumba ka mtima, komwe ST imakwera pafupifupi ponseponse. QT nayo iyezeni, n'kuikonza molingana ndi liwiro, chifukwa mtima ukamagunda pang'onopang'ono imatalika yokha.

Buloko ija ndi kukwera kwa ST gwero lake n'limodzi. Mwa anthu ambiri mtsempha wakumanja wa mtima ndi umene umadyetsa khoma la pansi komanso mfundo ya AV. Amene wangotchula ST n'kuima wasiya chomwe chikumuchititsa bamboyu chizungulire, ndipo angathe kumulembera atenololo, yemwe angachedwetsenso mtima wogunda kale ka 40. Ndiye mukamayankha aphunzitsi, tchulani liwiro, buloko, malidi omwe ST yakwera ndi omwe yatsika, kenako nenani kuti mupempha V4R, lidi yoikidwa kumanja kwa chifuwa. ST ikakweranso m'menemo, chipinda cha pansi chakumanja chakhudzidwa, ndipo mankhwala a nayitireti angagwetse BP yake kwambiri.